Mayi wa mashelefu wasiya kuyankha: mukanafunsa chiyani?

*Bambo, ndine kalipentala wongoyamba kumene kuima pandekha kuno ku Glen View Area 8, mumzinda wa Harare. Mayi wina wa shopu ku Kuwadzana ananditumizira uthenga pa WhatsApp wakuti, "Ndikufuna mashelefu a m'shopu, ndi zingati?" Poopa kulakwitsa, ndinawatumizira mafunso 11: mulitali, mulifupi, mtundu, matabwa ake, ndi ena otero. Anangoyankha kuti "oyera", ndipo lero ndi tsiku lachisanu ali zii. Paja amati safunsa anadya phula. Nanga ine ndalakwa pati?*

Achimwene, kufunsako simunalakwe. Ndi mawu ochepa ngati amenewo palibe mmisiri angadule thabwa, ndipo mukanangotchula mtengo wa m'mutu mukanalira pambuyo pake. Pomwe munaphonya ndi pakuti munawasenzetsa mayiwo ntchito yanu. Ambiri mwa mafunso anuwo ndi oti ayankhidwe ndi tepi yanu kapena mutu wanu, ndipo funso limodzi lokha lomwe yankho lake ali nalo iwo okha, mwa omwe mwanditchulirawa sindikuliona.

Ganizirani kumene uthenga wanu unawapeza. Mayi wa shopu amawerenga foni ataimirira, dzanja lina likupereka chenji, kasitomala wina akufunsa mtengo wa sopo. Akaona mndandanda wautali, maso amathamangira funso lophweka kuposa onse, n'kuyankha limenelo, enawo n'kunena kuti ndiwaona madzulo. N'chifukwa chake munalandira "oyera". Mtundu ndi chinthu chomwe munthu aliyense amatha kuyankha osaganiza. Koma mukamufunsa kuti thabwa likhale la mamilimita 16 kapena lochindikala kuposa apo, mwamufunsa chinthu chomwe sakuchidziwa, ndipo munthu wamkulu sakonda kuonekera kuti sakudziwa pamaso pa mnyamata yemwe akufuna kumulemba ntchito. Amangokhala chete. Kukhala chete kumeneko nthawi zambiri si mkwiyo, ndi manyazi osakanikirana ndi kutanganidwa. Choopsa n'chakuti pa Area 8 akalipentala muli mazanamazana, ndipo wina yemwe anayankha ndi mzere umodzi akhoza kukhala kuti watenga kale dipoziti.

Funso lomwe ine ndikanatumiza ndi ili: "Mayi, katundu wolemera kwambiri yemwe mudzaike pa mashelefuwo ndi chiyani?"

Ndifotokoze chifukwa chake limeneli, pakuti mukamvetsa chifukwacho mudzatha kudzipezera nokha funso la ntchito ina iliyonse.

Tiyerekeze kuti ayankha kuti amagulitsa mafuta odzola, mankhwala a tsitsi, mawigi ndi timabotolo ta perefyumu. Pamenepo ntchito yonse yaonekera. Katundu wotere ndi wopepuka ndiponso wamng'ono, choncho bodi ya chipibodi yokutidwa ndi melamaini ya mamilimita 16 ikwanira bwino. Mulifupi mwa shelefu mukhale mamilimita 300, chifukwa mukakulitsa, timabotolo timabisala kumbuyo ndipo wogula sationa. Mizati muiike motalikirana mamilimita 600, mwina kupitirira pang'ono. Bodi yomwe timagula kuno nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 2750 ndi 1830, ndiye mukaidula m'litali mwake m'zidutswa za 300, mupezamo zisanu ndi chimodzi, ngakhale kuti mothinana ndithu, poti sowo nayo imadya mamilimita ake pa mzere uliwonse. Mwadziwa kale mabodi oti mugule, ndipo ntchito yonse ndi ya inu nokha, sowo ndi masikuluwu.

Tsono tiyerekeze kuti ayankha kuti ndi golosale, ndipo cholemera ndi ufa wa makilogalamu 10, shuga ndi mafuta ophikira a malita awiri. Iyi ndi ntchito ina kotheratu, ngakhale dzina lake ndi lomwelo la mashelefu. Thumba la ufa limafuna shelefu ya mamilimita 400 kapena kuposa, ndipo pa bodi ija zidutswa za 400 zimatuluka zinayi zokha. Komanso mwini golosale saika thumba limodzi. Amandandalika anayi, n'kusanjikiza katatu. Amenewo ndi matumba 12, makilogalamu 120, pa shelefu ya mamilimita 1200. Chipibodi ya 16 itasenza katundu wotere popanda chochirikiza pakati imachita mimba ya masentimita angapo tsiku lomwelo, ndipo imakhala ili pafupi kuthyoka. Ngakhale itapirira, chipibodi ili ndi khalidwe lakuti ikapindika imapitirizabe kupindika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo sibwereranso. Ikakumana ndi chinyezi cha nyengo ya mvula kapena madzi okolopera pansi, imafufuma n'kuyamba kuyoyoka m'mphepete.

Pali lamulo limodzi la kupindika kwa thabwa lomwe ndikufuna mulisunge, chifukwa ndilo limapatsa funso lathu mphamvu. Ngati katundu wayalidwa mofanana pa shelefu yonse, mukatalikitsa mpata wa pakati pa mizati kawiri, kupindika sikuwonjezeka kawiri ayi, kumawonjezeka ka 16. Shelefu yomwe pa mpata wa 600 ikupindika mamilimita asanu, pa mpata wa 1200 ipindika pafupifupi 80. Mbali inayi, mukachindikalitsa thabwa kawiri, limalimba ka 8. Choncho kulemera kwa katundu ndiko kumalamula mpata wa mizati, mpata wa mizati n'kulamula kuchuluka kwa mizatiyo, ndipo zonsezi n'kulamula mtengo. Pa golosale ija ine sindikanalimbana ndi chipibodi pa mashelefu apansi. Ndikanapangitsa felemu ya zitsulo, kaya za machubu a mamilimita 25 kaya zitsulo za ngodya zija, zomwe zimagulitsidwa m'mitanda ya mamita 6, n'kuyalapo pulayiwudi kapena matabwa a paini. Ndiye kuti mukufunika wowotcherera, ulendo wa ku msika wa Magaba kukagula zitsulo, penti yoteteza dzimbiri, ndi masiku owonjezera. Mukuona kuti yankho la mawu awiri, "mafuta odzola" kapena "matumba a ufa", lasintha zipangizo, miyeso, anthu ogwira ntchito, masiku ndi ndalama.

Tsopano bwererani ku funso la mtundu. Akati oyera, mudula bodi motani? Akati a bulauni, mudula motani? Chimodzimodzi. Apa ndiye pali muyeso womwe ndimayesera funso lililonse ndisanalitumize: ndimaganizira mayankho awiri otalikirana kwambiri omwe munthuyo angapereke, n'kudzifunsa ngati mawa m'mawa ndingachite zosiyana. Ngati ndingachite zomwezo, funsolo si la lero. Lidikire tsiku lopita kukagula bodi.

Mndandanda wanu wa mafunso 11 musautaye. Kulemba zonse zomwe simukuzidziwa ndi chiyambi chabwino, kungoti pepala limenelo ndi lanu, si la kasitomala. Mukalemba, yambani kufufuta. Choyamba fufutani zonse zomwe tepi ingayankhe. Mulitali mwa khoma ndi msinkhu wa denga musafunse pa foni, chifukwa ngakhale atakuyankhani simungawakhulupirire. Kasitomala amayeza ndi mapazi, kapena amakuuzani kuti "ndi ngati chipinda chogona chija", ndipo yemwe ali ndi tepi amayeza pansi pokha osadziwa kuti makoma a mashopu ambiri omangidwa mothamanga saongoka, pamwamba pamatha kuchepa ndi masentimita awiri. Mudzayenera kupitako basi. Kenako fufutani zomwe ntchito yathu ili kale ndi chizolowezi chake, monga mpata wa pakati pa shelefu ndi inzake, kapena kuti yapansi ikwere pang'ono kuti tsache ndi madzi zisaikhudze. Zimenezo sankhani nokha, ndi zomwe akukulipirani. Pomaliza fufutani zomwe zingasinthidwe mochedwa popanda kuluza ndalama. Zomwe zatsala pa pepala zimakhala ziwiri kapena zitatu, ndipo mukaziyang'anitsitsa mupeza kuti chimodzi chikukoka zinzakezo ngati mpini ukoka khasu.

Kusankha funso ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kalankhulidwe kake. Funso lomwelo la kulemera mukhoza kulifunsa moti liferatu m'njira. Mukanena kuti, "Shelefu iliyonse idzanyamula makilogalamu angati?" mwabwerera ku vuto lija, pakuti palibe mwini shopu anayezapo katundu wake motero. Funsani m'mawu a malonda awo. Katundu wawo amamudziwa kuposa munthu wina aliyense, ndipo amakonda kumutchula. Ngati mukuona kuti akhoza kuyankha mwachisawawa, apatseni njira ziwiri asankhepo: "Ndi katundu wopepuka ngati mafuta odzola, kapena pali matumba a ufa ndi makatoni a mafuta ophikira?" Munthu amayankha funso lotere ndi chala chimodzi. Ndipo onjezani mzere umodzi wowauza chomwe chichitike akayankha, monga kuti mubwera mawa kudzayeza, kuti aone kuti yankho lawo likuyendetsa ntchito, sikuti likutsegula chitseko cha mafunso ena khumi.

Za chinenero ndinenepo pang'ono, poti tili ku Harare. Ngati mayiwo analemba m'Chishona, ayankheni m'Chishona, ndipo ufa muutchule monga iwo amautchulira. Ife ana a machona timasakaniza zinenero zitatu osazindikira, ndipo ndaonapo anyamata akulembera kasitomala Chingerezi cha m'buku pofuna kuoneka akatswiri, mayina a zipangizo ali mbwee. Zimenezo zimangokulitsa mpata pakati pa inu ndi munthuyo.

Musatenge funso la kulemerali ngati mankhwala a nthenda zonse. Ntchito iliyonse ili ndi funso lake, ndipo ine limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Ndili mnyamata ndinapatsidwa ntchito ya wadiropu ndi bambo wina wokhala m'mafulatsi a ku Mbare. Ndinafunsa zambiri ndithu: zitseko zingati, galasi likhale pati, madirowa angati. Ndinapanga chinthu chokongola, cholumikizidwa ndi guluu mbali zonse kuti chisagwedere. Titafika nacho pa ngolo, chinakana kukhota pa masitepe. Tinayesa chagada, tinayesa chammbali, anthu a m'fulatsimo atadzaza kuonerera, wina aliyense akupereka nzeru zake. Mapeto ake ndinachidula pakati ndi sowo pabwalo pomwepo n'kukachilumikiza m'chipinda, ndipo chipsera chake sichinabisike. Ndalama yotsala sindinaione, ndipo sindikanatha kuilimbira. Funso lomwe linafunika linali lakuti, "Mumakhala pansi kapena m'mwamba?" Kuyambira pamenepo wadiropu ya munthu wa m'fulatsi kapena wochita lendi ndimaipanga m'zigawo zomangidwa ndi masikuluwu, pokumbukira kuti chitseko wamba chimakhala cha mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali, ndipo wochita lendi adzasamukanso.

Pa bedi funso lake ndi la matiresi. Munthu akati akufuna bedi lalikulu, mufunseni ngati matiresi ali nawo kale. Matiresi a dabulo ndi masentimita 137 m'lifupi, a kwini ndi 152, ndipo anthu ambiri onsewa amangowatchula kuti dabulo. Masentimita 15 amenewo akwanira kuti bedi lonse libwezedwe. Mukaona bwino, mafunso atatu onsewa, la katundu, la masitepe ndi la matiresi, akufunsa za chinthu chomwe chilipo kale m'moyo wa kasitomala, chomwe ntchito yanu iyenera kugwirizana nacho ndipo inu simungachisinthe. Zokonda za munthu zimasinthika, mukhoza kukambirana. Thumba la ufa silichepetsa kulemera chifukwa chakuti mwakambirana nalo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindikuti mufunse za ndalama, poti iwo anafunsa kuti ndi zingati. Amisiri ambiri amathamangira kufunsa kuti, "Muli ndi zingati?" Ine ndimalipewa ngati funso loyamba. Kasitomala amalimva ngati msampha, amaganiza kuti akatchula madola 200 inu mudzapanga mtengo kukhala 200 yomweyo, ndiye amatchula yochepa dala kapena amakubwezerani kuti tchulani ndinu. Kuwonjezera apo, ndalamayo siikuuzani choti mupange. Madola omwewo akhoza kukhala ambiri pa mashelefu a perefyumu koma osakwanira n'komwe felemu ya golosale. Nkhani ya ndalama imakambika bwino mukakhala kuti mwadziwa katundu, mwayeza khoma, ndipo mukutha kunena kuti njira iyi ndi yakuti, njira yotsikirapo ndi yakuti koma apansi okha ndiwo akhale a zitsulo. Pamenepo ndi pomwe mumamveketsanso ngati mukukamba za madola a ku Amereka kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, ndipo zimenezo zilembedwe.

Nanga mudzadziwa bwanji kuti funso lanu limodzilo munasankha molakwika? Yankho lake limakuuzani. Akayankha kuti "mukudziwa ndinu" kapena "chilichonse", ndiye kuti mwafunsa chinthu cha ntchito yanu, chosankha ndinu. Akayankha bwinobwino koma inu n'kupeza kuti simungathebe kujambula kanthu pa pepala, ndiye kuti funsolo linali la m'mphepete. Akayankha kuti "ndifunse kaye bambo a kunyumba" kapena "mwini wake ali ku Joni", mwapeza chinthu chofunika kuposa chomwe munafunsa: yemwe mukulankhula nayeyo si wogamula, ndipo musagule bodi ngakhale imodzi musanamve mawu a mwini ndalama.

Pali yankho lina lovuta lomwe eni magolosale amakonda, lakuti "timagulitsa zonse". Limeneli si bodza, shopu ya m'lokeshoni imagulitsadi machesi mpaka simenti. Musabwereze funso lomwelo. Apempheni ajambule chithunzi cha katundu momwe waunjikidwira panopa. Chithunzi chimodzi chimakuonetsani matumba, makatoni, khoma, zenera, ngakhale pomwe pali soketi ya magetsi, ndipo kujambula sikufuna kuti munthu aganize. Kunena zoona, masiku ano pa ntchito zambiri pempho la chithunzi ndilo limakhala funso langa limodzilo. Malire ake ndi akuti chithunzi chimaonetsa za lero zokha. Ngati shopu ndi yatsopano, kapena mayiwo akufuna mashelefu chifukwa akuyamba kuoda katundu wina yemwe sanafike, chithunzi chikunamizani, ndipo muyenera kufunsa ndi pakamwa.

Ndisakusokeretseni kuti ntchito yonse itha ndi funso limodzi. Limodzilo ndi lotsegulira, kuti muchoke pomwe simungayambe n'komwe mufike pomwe mungajambule. Zina zonse zija zidzayankhidwa, koma mwa njira ina. Mukapita kukayeza, maso anu adzayankha theka. Zotsalazo musazifunse ngati mafunso, muzilembe ngati ziganizo pa kotesheni: mashelefu asanu, awiri apansi a zitsulo ndi pulayiwudi, atatu apamwamba a bodi yoyera, mulifupi 400 pansi ndi 300 pamwamba, omangirira ku khoma. Munthu yemwe sakanatha kuyankha kuti akufuna mashelefu angati, mukamuonetsa chojambula cha asanu amanena msanga kuti ayi, achulukitsa, apamwambawo sindifikira. Kukonza chinthu chomwe ukuchiona n'kophweka kuposa kuchilota. Koma chojambula ndi kotesheni zimenezo azivomereze polemba musanadule kanthu, chifukwa pensulo imafufutika pomwe bodi yodulidwa molakwika mwaigula nokha.

Ndipo pali nthawi zina pomwe mndandanda wautali ndi woyenera. Sukulu kapena kampani ikafuna madesiki ambiri, kumakhala munthu yemwe ntchito yake ndi kuyankha mafunso otere atakhala pa tebulo, ndipo iye amakondwa kuwalandira onse pamodzi m'malo momuvutitsa kasanu. Kumeneko kutumiza limodzilimodzi kumakhala kutaya nthawi yake. Mayi wa ku Kuwadzana alibe tebulo lotero.

Masiku asanu si ambiri. Mashelefu si buledi, anthu amatha milungu akuganizira, ndiye mwayi ulipobe. Musapepese motalika, ndipo musawakumbutse kuti sanayankhe mafunso ena aja, chifukwa kutero n'kuwapatsa ngongole. Alembereni motere, nthawi ya m'mawa shopu isanadzaze: "Mwadzuka bwanji mayi. Oyera ndamva, atheka. Chomwe ndikufuna kudziwa n'chimodzi chokha kuti ndikupatseni mtengo woona: pa mashelefuwo padzakhala katundu wopepuka yekha, kapena palinso matumba a ufa ndi makatoni a mafuta? Mukandiuza, ndibwera Lachinayi m'mawa kudzayeza khoma, kuyezako n'kwaulere." Tsikulo tchulani lomwe mungathedi kufika. Akapanda kuyankhanso pakatha masiku awiri, imbani foni kamodzi, chifukwa ena bandulo imawathera ndipo uthenga amauona mochedwa. Akayankha kuti ufa ulipo, musanakwere kombi dutsani kwa wowotcherera wanu mumve mtengo wa mtanda umodzi wa chubu lero, kuti mukafike ku Kuwadzana muli ndi tepi m'thumba ndi nambala m'mutu.